Mafunso ndi mayankho: kugwira mawu osokonezana powerenga chobwerera m'mbuyo ndi mokweza

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa alembi a mipingo, a makomiti a sukulu, a magulu a banki m'khonde, ndi ena onse amene amalemba makalata ndi zidziwitso m'Chichewa muno mu Lilongwe. Onse akukhudza vuto limodzi: liwu limene lalembedwa bwinobwino, lopanda chilema, koma laima pamalo pa linzake lofanana nalo.

Kodi mawu osokonezanawo ndi ati?

M'Chichewa alipo a mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kagwiridwe kake.

Oyamba ndi amene amasiyana ndi chilembo chimodzi kapena kachizindikiro kamodzi, ndipo kusiyanako kumamveka munthu akatchula bwino. Kuponya ndi kuphonya, kukoma ndi kukhoma, kuyesa ndi kuyeza, mpando ndi mpanda, mwezi ndi mwazi, mbale ndi m'bale. Muli m'gulu lomweli mawu ochokera ku tsinde limodzi koma otembenuza wochita: kukongola ndi kukongoza, kubwereka ndi kubwereketsa, kukwatira ndi kukwatiwa.

Achiwiri ndi amene amasiyana polemba, koma m'kamwa mwa anthu ambiri a m'tauni asanduka amodzi. Mukamvetsera mu minibasi yochokera ku Kawale kapena mu msika waukulu, mumva “sopano” m'malo mwa “tsopano”, “ziko” m'malo mwa “dziko”. Polankhula palibe chimene chimawonongeka. Polemba, kutsala kumasanduka kusala, kutseka kumasanduka kuseka, dzina limasanduka zina, ndipo dzana, tsiku lija lotsogolera dzulo, limasanduka zana, nambala ya 100.

Achitatu ndi amene amalembedwa chimodzimodzi koma amasiyana kamvekedwe, pamene mawu akwera ndi pamene atsika. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu, khungu la pathupi ndi khungu la maso. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa linatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, sanatipatse zizindikiro za kamvekedwe zoti tizilemba tsiku ndi tsiku. Choncho papepala mawu awiriwo amaoneka ngati amodzi, ndipo amawasiyanitsa ndi mawu ena owazungulira.

Ndimawerenga kalata yanga katatu ndisanatumize. N'chifukwa chiyani zolakwika zimatsalabe?

Chifukwa chakuti mwini kalata sawerenga zimene zili papepala, amawerenga zimene zili m'mutu mwake. Munthu wozolowera kuwerenga sayang'ana chilembo chilichonse. Diso limaona chiyambi cha liwu ndi kutalika kwake, maganizo n'kumalizitsa okha malinga ndi zimene nkhani ikuyembekezera. Inu mukudziwa kale kuti mumafuna kunena “waphonya”, ndiye diso likafika pa “waponya” limangodutsa. Zili ngati njira yakwanu imene mumayenda ngakhale usiku osayang'ana pansi: dzenje latsopano mumalizindikira mwendo utalowa kale. Kuwerenga kachinayi mwa njira yomweyo sikusintha kanthu. Chofunika ndi kusokoneza kuyembekezera kuja, ndipo ndiyo ntchito ya kuwerenga chobwerera.

Kuwerenga chobwerera kumatanthauza kuyamba ndi liwu lomaliza n'kumabwerera liwu ndi liwu?

Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi yawo, ndiye ndichedwepo pang'ono.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya liwu ndi liwu: mumayamba ndi liwu lomaliza la tsamba, kenako lapambuyo pake, mpaka pamwamba. Njira imeneyi ndi yabwino pogwira mawu olumala, monga “msonkahno” kapena “ndalma”, ndi mawu amene alembedwa kawiri motsatizana. Koma pa mawu osokonezana ilibe mphamvu. Mukaona liwu lakuti “mbale” lili lokha, mulivomereza, chifukwa ndi liwu lenileni la Chichewa. “Zasala” mulivomereza, “anakongoza” mulivomerezanso. Liwu losokonezana limaoneka kuti ndi lolakwa pokhapokha likakhala pakati pa anzake, ndipo njira ya liwu ndi liwu imachotsa anzakewo.

Yachiwiri ndi ya chiganizo ndi chiganizo, ndipo ndiyo imene ndimalimbikira. Mumapeza chiganizo chomaliza, kuchokera pa chilembo chachikulu mpaka pa mpumiro, n'kuchiwerenga molunjika monga mwa nthawi zonse. Mukatha mumakwera pa chiganizo cham'mwamba mwake, n'kuchiwerenganso molunjika. Motero chiganizo chilichonse chimakhala chathunthu, tanthauzo lake lilipo, koma nkhani yonse yaduka. Simungathenso kulosera chimene chikubwera, chifukwa chimene chinachitsogolera simunachiwerenge. Chiganizo chimakakamizika kudziimira chokha, ndipo liwu lobisala limaonekera.

Kuti diso lisathawire m'mwamba, tengani pepala loyera muphimbe mizere yonse ya pamwamba pa chiganizo chimene muli nacho, n'kumalikweza pang'onopang'ono.

Nanga kuwerenga mokweza kukuwonjezerapo chiyani?

Zinthu ziwiri. Choyamba, pakamwa pamachedwa kuposa diso, ndiye simungadumphe phatikizo lililonse. Chachiwiri, khutu la mwini chiyankhulo limakana msanga mgwirizano wolakwika. “Zina la mwana” ndi mawu amene diso lingalole, koma khutu silingalole, chifukwa “zina” amayenda ndi “za” pamene “dzina” limayenda ndi “la”. “Mbale wake” limakhumudwitsanso khutu, popeza mbale yodyera ndi “yake” ndipo m'bale ndiye “wake”.

Koma pali lamulo limene likapanda kutsatidwa zonse zimapita pachabe: tchulani chimene chalembedwa, osati chimene mumafuna kulemba. Ikani nsonga ya pensulo pansi pa liwu ndipo mulitchule phatikizo ndi phatikizo, mochedwa kuposa mmene mumalankhulira. “Mba-le” ali ndi maphatikizo awiri, “m-ba-le” ali ndi atatu, ndipo nkhodolero ndiyo ikusonyeza zimenezo. Pa p, t ndi k, ikani chikhatho patsogolo pa milomo. Mukatchula “phonya” kapena “khoma” mumva kamphepo kakugunda m'manja, pamene pa “ponya” ndi “koma” sikamveka kwenikweni. Ngati kamphepo kabwera koma papepala palibe h, imani pomwepo, pakamwa panu pakonza chimene dzanja linalakwitsa.

Mungationetse ndi chitsanzo chenicheni?

Tiyerekeze kuti mlembi wa gulu la banki m'khonde ku Kawale walemba chidziwitso ichi kuti chipite kwa mamembala:

“Mamembala onse akudziwitsidwa kuti msonkhano wathu udzachitika Loweruka, 2 koloko masana. Membala watsopano aliyense abwere ndi mbale wake mmodzi woti akhale mboni. Ndalama zimene zasala m'bokosi ndi K85,000. Amene anakongoza ndalama ku gulu ayenera kubweza mwezi uno usanathe. Mlembi adzalemba zina la aliyense amene waponya sabata ino, ndipo ameneyo adzalipira chindapusa cha K500. Kuyambira mwezi wamawa mamembala adzisonkha K2,000 ya thumba la zadzidzidzi. Tidzakambirananso za mtengo umene wagwa.”

Kompyuta singakuthandizeni pano, chifukwa liwu lililonse m'chidziwitsochi ndi la Chichewa. Tiyambe pansi.

Chiganizo chachisanu ndi chiwiri: “Tidzakambirananso za mtengo umene wagwa.” Mukangofika pa “mtengo” pakamwa payenera kusankha kamvekedwe, ndipo popeza nkhani ya pamwamba mwaiphimba, mulibe chokuthandizani kusankha. Kodi ndi mtengo wa mango umene wagwera pamalo osonkhanira, kapena mtengo wa tomato amene gulu limagulitsa? Kudodoma kumeneko ndiye chizindikiro. Palibe chilembo cholakwika choti musinthe. Mankhwala ake ndi kuwonjezera mawu: “za mtengo wa tomato umene watsika pamsika”.

Chachisanu ndi chimodzi: “mamembala adzisonkha K2,000”. Chimamveka ngati chili bwino, ndipo ambiri achidutsa. Koma “dzi” pamenepa akutanthauza kuti munthu akudzichitira yekha chinthu, ngati kuti mamembala asonkha matupi awo. Chofunika ndi “azisonkha”. Nkhani ya zi ndi dzi ndiifotokoza payokha m'munsimu.

Chachisanu chili ndi misampha iwiri. “Zina la” khutu likana nthawi yomweyo, ndipo mukonza kuti “dzina la”. Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa onse m'chidziwitsochi. M'magulu otere kuponya ndi kuika ndalama za masheya, choncho “aliyense amene waponya sabata ino” ndi Chichewa chomveka bwino, ndipo theka loyamba la chiganizo lilibe vuto. Vuto limatulukira mukafika kumapeto: munthu amene waponya alipirirenji chindapusa? Mlembi amafuna kunena “waphonya”. H mmodzi wasowa, ndipo chilango chapita kwa okhulupirika m'malo mwa ojomba. Mukanawerenga liwu ndi liwu simukanachiona. Chimagwidwa pokhapokha mutawerenga chiganizo chonse n'kudzifunsa kuti, “Munthu wosadziwa nkhaniyi amva chiyani?”

Chachinayi: “Amene anakongoza ndalama ku gulu ayenera kubweza.” Pa mawu a mtundu uwu funsani kuti ndalama zachoka kwa ndani kupita kwa ndani. Wokongoza ndi wopereka, wokongola ndi wolandira. Wobweza ndi amene anakongola.

Chachitatu: “zasala”. Ngati inu mumatchula ts momveka, khutu ligwira. Ngati pakamwa panu “kutsala” ndi “kusala” ndi chimodzimodzi, mudutsa osamva kanthu. Ichi chikudikira njira ina.

Chachiwiri: “mbale wake mmodzi”. Khutu likana, mubwezeretsa nkhodolero. Choyamba chilibe vuto la mawu, koma chilibe deti. Loweruka liti? Zimenezo n'zoonjezera, ndipo ndi bwino kuti mwaziona.

Pa zolakwika zisanu ndi ziwiri, ziwiri zagwidwa ndi khutu lokha, zitatu zagwidwa chifukwa chiganizo chinaima chokha n'kufunsidwa tanthauzo, ndipo ziwiri, “adzisonkha” ndi “zasala”, zikanatha kupulumuka.

Ndiye zopulumukazo tizigwira bwanji?

Ndi mndandanda wanu wanu. Munthu aliyense ali ndi mawu ochepa amene amawasokoneza mobwerezabwereza, ndipo kawirikawiri ndi amene pakamwa pake sapasiyanitsa. Khutu silingagwire chimene silimva. Lembani mawu amenewo kuseri kwa kope, ndipo nthawi iliyonse mukagwira latsopano, kapena wina akakugwirirani, liwonjezereni. Mndandanda wa mawu khumi kapena khumi ndi asanu ochokera m'zolemba zanu ndi waphindu kuposa wa mawu zana wokopera kwa wina.

Mukatha kuwerenga chobwerera, tengani mndandandawo n'kusaka liwu lililonse. Mu Microsoft Word dinani Ctrl+F, lembani “sala”, ndipo muyang'ane paliponse pamene lapezeka. Kenako “seka”, kenako “ponya”, kenako “mbale”. Pa mawu aafupi monga “zina” ndi “zana”, sankhani Find whole words only, apo ayi kompyuta ikuonetsani “zinachitika”, “zinali” ndi ena ambirimbiri opanda mlandu. Ngati mwalemba pamanja, yendetsani chala mzere ndi mzere mukusaka liwu limodzi lokha, osawerenga nkhani.

Chonde musagwiritse ntchito Replace All pa mawu amenewa. Mukauza kompyuta kuti isinthe “zina” aliyense akhale “dzina”, mupeza “dzinachitika” ndi “dzinali”, ndiponso “zinthu zina” zimene zinali zolondola zisanduka “zinthu dzina”. Liwu lililonse liweruzidwe palokha.

Zi ndi dzi zimandizunguza. Ndingasiyanitse bwanji?

Vuto limeneli ndi lofala kwambiri m'zolemba za masiku ano, ngakhale pa zikwangwani za m'misewu, ndipo limachokera mbali ziwiri. Ena amachotsa d pamene akufunika. Ena, poopa kuoneka ngati olemba Chichewa cha m'tauni, amaika d paliponse, n'kulemba “tidzipita” kapena “mudzibwera msanga” poganiza kuti ndicho Chichewa chakuya.

Mkati mwa mneni, “dzi” amasonyeza kuti wochita ndi wochitiridwa ndi munthu mmodzi: wadzicheka, amadzikonda, adzisamalire. “Zi” ali ndi ntchito ziwiri. Amalamula kapena kulangiza chinthu chochitika mobwereza, monga “ana azisamba m'manja”, ndipo amaimiranso zinthu zimene zatchulidwa kale, monga “ndalamazo wazitenga”.

Yesani motere. Wonjezerani “yekha” kapena “iye mwini” pambuyo pa mneni. Ngati zikugwirizana ndi chimene mukufuna kunena, kuti munthuyo wachita pa thupi lake kapena pa moyo wake, lembani “dzi”. Ngati mungathe kusintha mneniyo kukhala “ayenera kuma…”, lembani “zi”. “Mamembala ayenera kumasonkha” zikumveka, choncho ndi “azisonkha”. “Atsikana azikonda sukulu” ndi langizo labwino. “Atsikana adzikonda” ndi chinenezo. Ndipo awiriwa amatha kukumana m'liwu limodzi, “zi” patsogolo, “dzi” pambuyo: “odwala azidzisamalira”.

Posaka pa kompyuta musalembe “dzi” yekha, chifukwa mudzaza tsamba ndi madzi, dziko ndi kudziwa. Sakani “adzi”, “tidzi”, “ndidzi” ndi “mudzi”, ndipo pa loyambalo dumphani madzi, pa lomalizali dumphani mudzi wa anthu, muyang'ane aneni okha.

Kodi mawu osiyana kamvekedwe ndi mayina okha, monga mtengo ndi khungu?

Ayi, ndipo ovuta kwambiri ali m'aneni. “Ndimagulitsa makala ku Mchesi” likhoza kutanthauza kuti ndiyo ntchito yanga mpaka lero, kapena kuti ndinali kugulitsa nthawi ina yapitayo. Polankhula kamvekedwe kamasiyanitsa, papepala ayi. “Sanalipire” likhoza kutanthauza kuti nthawi inadutsa iye osalipira, kapena kuti tikumudikirabe. M'kalata ya ngongole kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Mwini kalata akamawerenga molunjika amaika kamvekedwe koyenera osazindikira n'komwe kuti wasankha. Powerenga chobwerera mokweza, yesani dala kutchula mneni wotere m'njira zonse ziwiri. Ngati zonse zikupereka tanthauzo, wowerenga wanu akhoza kutenga lolakwika. Lembani “ndinkagulitsa” ngati ndi zakale, kapena wonjezerani “mpaka pano” ngati zikuchitikabe. Lembani “sanalipirebe” kapena “sanalipire mwezi watha”.

Mu ofesi mwathu timakhala anthu ambiri. Ndingawerenge bwanji mokweza?

Kunong'ona n'kokwanira, bola milomo ndi lilime zigwire ntchito ndipo inu mudzimve. Kuwerenga chamumtima sikulowa m'malo mwake.

Ndichite pa foni, pa kompyuta kapena papepala?

Papepala ndi pabwino koposa, chifukwa mumatha kuphimba mizere ndi kuloza ndi pensulo. Ngati kusindikiza n'kodula, sinthani maonekedwe a zolembazo pa kompyuta: kulitsani zilembo, sinthani mtundu wake, talikitsani mizere. Mawu akasuntha pamalo pamene diso linawazolowera, nkhani imaoneka yachilendo pang'ono, ndipo ndicho tikufuna. Njira ina ndi kukopera nkhaniyo pa tsamba lina n'kudina Enter pambuyo pa mpumiro uliwonse kuti chiganizo chilichonse chikhale pa mzere wake.

Pa foni samalani ndi kiyibodi imene imasintha mawu yokha. Imatha kuchotsa nkhodolero kapena kuika liwu limene munalilembapo kale m'malo mwa limene mukufuna. Uthenga wa maliro kapena wa ukwati, umene uyende m'magulu ambiri a WhatsApp, uwerengeni chobwerera musanadine potumiza. “Mwana wathu wamkazi akukwatira” ndi cholakwa chimene azakhali sadzaiwala.

Mawu a kompyuta owerenga mokweza, monga Read Aloud ya mu Word, akakhala a Chingerezi amapotoza Chichewa moti simungasiyanitse “koma” ndi “khoma”. Pa zolemba za Chichewa dalirani pakamwa pa munthu.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndichite liti?

Tsamba limodzi lodzaza lipatseni mphindi khumi kapena kuposerapo. Mukaona kuti mwamaliza m'mphindi zitatu, ndiye kuti munabwerera ku kawerengedwe ka masiku onse. Pakatha pafupifupi theka la ola pumulani, chifukwa munthu akatopa pakamwa pamapitiriza kutchula maganizo ali kwina.

Chitani zimenezi pomalizira, nkhani itakhazikika. Ngati mukusinthabe ndime, chiganizo chilichonse chatsopano chikhoza kubweretsa cholakwika chatsopano. Ngati nthawi ilipo, gonekani kalatayo usiku umodzi. Powerenga musamakonze nthawi yomweyo: zungulizani liwu ndi pensulo n'kupitiriza, kuti maganizo asachoke pa kusaka n'kupita pa kulemba. Mukakonza, werenganinso mokweza chiganizo chonse chimene mwakhudza, chifukwa kusintha liwu limodzi kumafuna kusinthanso ogwirizana nalo. Mukasintha “mbale” kukhala “m'bale”, onani ngati “yake” wasanduka “wake”.

Kodi kupatsa mnzanga kuti awerenge sikuposa zonsezi?

Kumathandiza kwambiri, koma mukangomupatsa n'kunena kuti “tandionereniko”, awerenga nkhani, osati mawu. Njira yabwino ndi ya anthu awiri ndi mapepala awiri. Mnzanuyo awerenge mokweza kuyambira chiganizo chomaliza, inu muzitsatira ndi pensulo pa pepala lanu. Iye sakudziwa chimene mumafuna kunena, choncho atchula chimene chilipo. Paliponse pamene wadodoma, wabwereza, kapena watchula ndi kamvekedwe kamene simunayembekezere, ikani chizindikiro ngakhale iye atanena kuti palibe vuto.

Sankhani munthu amene katchulidwe kake kakusiyana ndi kanu. Lilongwe ili ndi anthu ochokera m'zigawo zonse, ndipo zimenezi ndi mwayi. Ngati inu ts ndi s mumaziphatikiza, pezani amayi kapena abambo amene anakulira kumudzi ku Dowa, ku Dedza kapena ku Mitundu, amene “tsala” ndi “sala” amazitchula mosiyana osaganizira n'komwe.

Bwanji mnzangayo akamakonza mawu amene kwathu ndi olondola?

Siyanitsani mawu osokonezana ndi mawu a m'madera. “Anapita” ndi “adapita”, “kubzala” ndi “kudzala” mbewu, onsewa amanena chinthu chimodzi, ndipo palibe wowerenga amene asochere. Sankhani amodzi muwagwiritse ntchito m'kalata yonse. Muyeso wake ndi wakuti: kodi kusinthako kukusintha chimene wowerenga achite, alipire kapena akhulupirire? Pa “waponya” ndi “waphonya” kukusintha. Pa “anapita” ndi “adapita” ayi.

Pali zimene njira imeneyi singagwire?

Zilipo. Chilichonse chimene chimadalira ziganizo ziwiri chimadutsa, chifukwa mwadula dala ulusi wozilumikiza. Ngati pamwamba mwalemba kuti msonkhano ndi Loweruka, pansi n'kulemba Lamulungu, chiganizo chilichonse pachokha chimveka bwino. Ngati m'chiganizo china mwatchula “wophunzira” mmodzi ndipo chotsatira chikuti “ophunzirawo”, simuona. Mayina a anthu, manambala a foni ndi ndalama sizigwidwa ndi khutu konse: K85,000 ndi K58,000 zonse zimatchulika bwino. Zimenezi ziyerekezeni ndi kaundula kapena buku la msungichuma, nambala ndi nambala.

Choncho mukamaliza chobwerera ndi kusaka mawu a pa mndandanda, werengani komaliza kuyambira pamwamba mpaka pansi, mukuyang'ana masiku, mayina, ndalama, ndi ngati chiganizo chilichonse chikugwirizana ndi chinzake.